*650W YA PA SITIKA ISAKUPUSITSENI*

Uthenga wa lero ndi wautali, koma ndi mawu okhaokha, mulibe vidiyo, ndiye amene bando yatsala pang'ono musade nkhawa.

Masiku ano achinyamata ambiri kunyanja kuno akumanga makompyuta awoawo. Wina akufuna yodulira mavidiyo a maukwati ndi zinkhoswe, wina ya situdiyo ya nyimbo, wina ya magemu oti ana azilipira. Ndalama zonse za usipa wa mwezi wathunthu zimapita ku purosesa ndi girafiki khadi. Ikatsala chenji, munthu ndi pamene amakumbukira pawa sapulayi, kabokosi ka chitsulo kaja kokhala ndi fani ndi mawaya ambirimbiri. Akafika mu shopu funso limakhala limodzi lokha: "Ndi ya mawatsi angati?" Wogulitsa akati 650, ndipo mtengo ndi wotsika kuposa ya 550 ili pambali pake, basi, zatheka.

Ine maganizo anga ndi awa, ndipo ndiwafotokoza ndi masamu: pawa sapulayi ya 550W yopangidwa bwino imaposa ya 650W kapena 800W yopanda dzina. Nambala ya pa sitika ndi lonjezo chabe. Tonse timadziwa chigoba chomwe wina anachimenya pansi kuti chilowe mkati. Kunja chimaoneka chigoba chathunthu, koma usipa wolowamo ndi wochepa. Mapawa sapulayi ambiri otchipa ndi zigoba zotero.

*Ntchito yake ndi yotani*

Mu soketi ya pakhoma mumatuluka magetsi a mavolti 230. Zida za mkati mwa kompyuta sizidya magetsi amenewo. Zimafuna magetsi odekha ngati a batire, a mavolti 12, 5 ndi 3.3. Pawa sapulayi ndiye imatembenuza magetsi a pakhoma kukhala atatu amenewa, n'kuwagawira ku mazabodi, purosesa, khadi ndi madisiki. Tanthauzo lake n'lakuti chida chilichonse chimene mwagula modula chalumikizidwa ku kabokosi kameneka. Kakalakwitsa, sikavulala kokha.

Chinthu china chimene ambiri amasokoneza: pawa sapulayi ya 750W sikutanthauza kuti ikudya mawatsi 750 nthawi zonse. Nambala ija ndi malire a zimene ingathe kupereka. Kompyuta ikamafuna mawatsi 100, imapereka 100. Ndiye kugula yaikulu sikuti mayunitsi azithera pamenepo, komanso sikuti kompyuta izithamanga kwambiri.

*Tiwerengetsere limodzi*

Titenge kompyuta imene mnyamata wodula mavidiyo angamange: purosesa ya Intel Core i5-12400F, girafiki khadi ya RTX 3060, timitengo tiwiri ta ramu, SSD imodzi, hadi disiki imodzi yosungira mavidiyo, ndi mafani atatu.

Zida ziwiri zokha ndi zimene zimadya kwambiri, purosesa ndi khadi, ndiye yambani ndi zimenezo. Manambala ake musafunse wogulitsa, lembani dzina la chidacho pa intaneti muone pa tsamba la kampani imene inachipanga. Pa purosesa iyi a Intel analemba manambala awiri: 65W ndi 117W. Yoyambayo ndi ya pamene ikugwira ntchito mwa masiku onse, yachiwiriyo ndi ya pamene yakoka mphamvu zake zonse, monga pamene mukutulutsa vidiyo ya ukwati ya maola awiri. Ife titenga 117, chifukwa bwato sitiliyesa pa nyanja ya bata. Khadi ya RTX 3060 a Nvidia anailembera 170W.

Zotsalazo ndi zazing'ono, ndipo apa timangoyerekeza mokweza pang'ono. Mazabodi tiipatse 40. Ramu yonse 10. SSD 5. Hadi disiki 10. Mafani atatu 10. Kiyibodi, mausi ndi mafulashi obayika ku USB tiwapatse 10. Tikaphatikiza:

```
117 + 170 + 40 + 10 + 5 + 10 + 10 + 10 = 372
```

Kompyuta imeneyi, zonse zikamagwira ntchito mwamphamvu nthawi imodzi, ikufuna mawatsi pafupifupi 372. Sikirini sitinaiwerengere chifukwa ili ndi pulagi yakeyake, sidutsira mu pawa sapulayi.

Tsono musapite kukagula ya 400W n'kumati zakwana. Palibe mlovi wanzeru amene amadzaza bwato mpaka madzi kufika pa milomo, chifukwa akudziwa kuti mwera ukhoza kudzuka asanafike kumtunda. Magirafiki khadi ali ndi khalidwe lokoka magetsi modzidzimutsa, kwa kanthawi kochepa kwambiri kosakwana kuphethira, kupitirira nambala imene inalembedwa ija. Komanso pawa sapulayi ikamakalamba imafooka, ndipo ikamagwira ntchito pa malire ake imatentha, fani yake n'kumalira ngati injini. Ndiye timasiya mpata. Ine ndimachulukitsa ndi 1.4:

```
372 x 1.4 = 521
```

Ya 521W kulibe m'mashopu, ndiye mumatenga yotsatira, ya 550W. Ndipo mukaona zimene a Nvidia amalangiza pa khadi imeneyi, mupeza nambala yomweyo, 550W. Ngati mukuganiza zodzagula khadi yamphamvu mtsogolo, 650W yabwino ndi yokwanira. Koma ya 1000W pa kompyuta imeneyi ndi kungotaya ndalama, ndi ngati kuika injini ya mahatchi 40 pa bwato lopalasa. Ndipo amene kompyuta yanu ilibe girafiki khadi, yongotayipira makalata ndi kuika nyimbo m'mamemore, nthawi zambiri simufika ndi pa 200W pomwe. Ya 350W kapena 400W yabwino ikukwanirani.

*Tembenuzani bokosi, werengani mzere wa 12*

Apa ndi pamene chigoba chomenyedwa pansi chimagwidwira. Pambali pa pawa sapulayi iliyonse pali sitika yokhala ndi tebulo. Musayang'ane nambala yaikulu yofiira ija. Yang'anani pamene palembedwa +12V, ndipo pansi pake pali nambala yothera ndi A, amenewo ndi maampu. Lamulo lake ndi losavuta: mawatsi ndi mavolti kuchulukitsa ndi maampu, W = V x A.

Chifukwa chiyani mzere wa 12? Chifukwa purosesa ndi girafiki khadi, zida ziwiri zadyera zija, zimadya kuchokera ku mavolti 12. Mafani ndi mota ya hadi disiki nazonso zimadya komweko. Makompyuta akalekale ndi amene ankadalira kwambiri mavolti 5 ndi 3.3. A masiku ano mizere iwiri imeneyi amangoinyambita.

Tiyerekeze kuti pa kauntala pali ziwiri. Yoyamba yalembedwa 650W, ndipo tebulo lake likuti:

```
+3.3V  30A
+5V    50A
+12V   24A
```

Chulukitsani. Mzere wa 3.3 ukupereka 99, wa 5 ukupereka 250, wa 12 ukupereka 288. Mukaphatikiza ndi timizere tina ting'onoting'ono mufika pafupi ndi 650, ndiye wopangayo akhoza kunena kuti sananame. Koma mawatsi opitirira theka ali kumene kompyuta yanu sikuwafuna. Purosesa ndi khadi zathu zija zokha zikufuna 117 kuphatikiza 170, amene ndi 287. Mzere wa 12 uli ndi 288. Kwatsala watsi imodzi yoti mafani atatu ndi hadi disiki zigawane. Imeneyo si ya 650W, ndi ya 300W yovala jekete la akulu ake.

Yachiwiri yalembedwa 550W, ndipo pa +12V pali 45A. Mukachulukitsa 12 ndi 45 mupeza 540. Pafupifupi mphamvu zake zonse zili pamene zikufunika. Ndiye pa ziwirizi, ya nambala yaing'ono ndi imene ili ndi mphamvu pafupifupi kuwirikiza kawiri pa ntchito yeniyeni.

Lamulo langa ndi ili: ngati mawatsi a mzere wa 12 sakufika pafupi ndi nambala yaikulu ya pa bokosi, isiyeni. Mukapeza mizere iwiri, +12V1 ndi +12V2, musangophatikiza maampu ake, yang'anani nambala ya mawatsi imene yalembedwa pansi pa iwiri yonseyo pamodzi. Mukaonanso mawu oti PEAK kapena MAX pafupi ndi nambala yaikulu ija, chenjerani, chifukwa kawirikawiri amatanthauza mphamvu imene ingapereke kwa kanthawi kochepa. Inu mukufuna imene ingapereke tsiku lonse osapuma, imene amalemba kuti CONTINUOUS.

Umboni wina uli pa mawaya. Makhadi ambiri a RTX 3060 amafuna pulagi imodzi ya mapini 8 yolembedwa PCI-E. Polowetsa khadi pa mazabodi pamapereka mawatsi osapitirira 75, otsalawo amabwera kudzera pa pulagi imeneyo, imene inapangidwira mawatsi 150. Pawa sapulayi yodzitcha ya 650W koma ilibe pulagi imeneyi yadziulula yokha: amene anaipanga akudziwa kuti singanyamule khadi. Ndipo musalole kuti akugulitseni kawaya kosinthira kochokera ku pulagi ya SATA. Pulagi ya SATA inapangidwira mawatsi 54 okha pa mavolti 12. Mukaikakamiza imatentha, pulasitiki n'kusungunuka.

*Zimene zimalowa ndi zimene zimatuluka*

Tsopano nkhani ya kusawononga magetsi. Potembenuza magetsi a pakhoma, ena amatayika, amasanduka kutentha. Pawa sapulayi ikakoka mawatsi 100 pakhoma n'kupereka 85 ku kompyuta, timati ili pa 85 peresenti. Otsala 15 aja mwalipira, koma ntchito yawo ndi kungotenthetsa chipinda. Zili ngati injini ziwiri za mahatchi ofanana, zonse zikukufikitsani pamalo amodzi pomwe pali utaka, koma ina yamwa petulo wambiri.

Chizindikiro chimene mumachiona pa mabokosi, cholembedwa 80 PLUS, chinayamba mu 2004. Amayesa pawa sapulayi itasenza katundu wochepa, wa theka, ndi wodzaza. Kuti tisachulutse manambala, tingotenga wa theka, pa mayeso a magetsi a mavolti 115: chizindikiro choyera chimafuna 80 peresenti, Bronze 85, Gold 90. Pa magetsi athu a 230 zimachita bwinoko pang'ono. Pamwamba pake pali Platinum ndi Titanium, koma zimenezo n'za matumba ena. Zindikiraninso kuti mapawa sapulayi ambiri amasunga magetsi bwino kwambiri akasenza pafupifupi theka la mphamvu zawo, ndipo amataya gawo lalikulu akasenza kakatundu kochepetsetsa. Chimenechi ndi chifukwa china chosagulira yaikulu mopitirira.

Tibwerere ku kompyuta yathu. Tinene kuti pa ntchito yolemera ikudya mawatsi 300. Tiyerekeze kuti yotchipa yopanda chizindikiro ili pa 70 peresenti. Kuti ipereke 300, ikoka 429 pakhoma, ndipo 129 asanduka kutentha. Ya Bronze ikoka 353, kutentha 53. Ya Gold ikoka 333, kutentha 33. Masamu ake ndi kungogawa 300 ndi 0.70, 0.85 kapena 0.90.

Ngati mumagwira ntchito yotero maola 8 pa tsiku, pa mwezi ndi maola 240. Yuniti imodzi ya magetsi ndi mawatsi 1000 kwa ola limodzi. Yotchipa ija idya mayunitsi pafupifupi 103, ya Bronze 85, ya Gold 80. Chulukitsani nokha ndi mtengo wa yuniti umene uli pa lisiti yanu.

Taonani bwino manambala amenewa, chifukwa akutiuza zinthu ziwiri. Kuchoka pa yotchipa kufika pa Bronze mukupulumutsa mayunitsi 18 mwezi uliwonse. Kuchoka pa Bronze kufika pa Gold mukupulumutsa 5 okha. Ndiye ine sindikuuzani kuti aliyense agulitse ukonde kuti agule Gold. Kudumpha kwakukulu ndi koyambako. Ngati thumba lafika pa Bronze yeniyeni, gulani, mugone tulo.

Koma amene muli pa sola, nkhani yake ndi ina. Batire la 12V la 200Ah limasunga pafupifupi mayunitsi 2.4. Ngati ndi la asidi, simuyenera kulitsitsa kupitirira theka ngati mukufuna likhalitse, ndiye mwatsala ndi 1.2. Inveta nayo imadyako yake, mutsala ndi pafupifupi yuniti imodzi. Yuniti imodzi imeneyo, pa yotchipa ija ikupatsani maola awiri ndi mphindi 20. Pa Bronze maola awiri ndi mphindi 50. Pa Gold maola atatu. Mphindi 40 zimenezo ndi kusiyana kwa vidiyo yomalizika ndi vidiyo yoduka pakati, mwini ukwati akudikira m'mawa. Kwa inu Gold ikhoza kudzilipira yokha. Ndipo pogula inveta, werengerani zimene zikukokedwa pakhoma, osati 300 uja, kuphatikizapo sikirini ndi masipika. Mapawa sapulayi a masiku ano amagwirizana bwino ndi inveta yolembedwa Pure Sine Wave. Pa zinazo ena amalira, ena amangozima.

*Chizindikiro nacho sichinena zonse*

Apa ndisiyana pang'ono ndi anzanga amene akangoona Gold amati zatha. Chizindikiro cha 80 PLUS chimayesa kusawononga magetsi. Sichikuuzani kuti pawa sapulayiyo ikhala zaka zingati, kapena kuti ikadzafa idzafa yokha kapena idzatenga mazabodi. N'zoona kuti kufika pa 90 peresenti kumafuna zida zabwinoko mkati, ndiye nthawi zambiri ziwirizi zimayendera limodzi. Koma si nthawi zonse. Komanso sitika aliyense akhoza kusindikiza. A 80 PLUS ali ndi mndandanda pa intaneti wa mapawa sapulayi onse amene anawayesa. Lembani dzina ndi nambala ya imene mukufuna kugula. Ngati mulibemo, sitikayo ndi chokongoletsera chabe.

Ubwino weniweni uli mu zinthu zitatu, ndipo zonse zikutikhudza ife a kunyanja kuposa ena.

Choyamba ndi kutentha. Mayeso a chizindikiro chija amachitikira m'chipinda chozizira bwino. Ife mu Okutobala ndi Novembala kunja kumapitirira madigiri 35, ndipo m'kashopu ka malata kopanda siling'i mkati mwa kompyuta mumatentha kuposa pamenepo. Opanga abwino amalemba kuti mphamvu yonse ikuperekedwa mpaka pa madigiri 40 kapena 50. Otchipa ambiri salemba n'komwe, kapena amawerengera pa 25, ndiye kukatentha mphamvu imatsika. Mkatimo muli makapasita, timigolo ting'onoting'ono tokhala ndi timadzi timene timauma pang'onopang'ono. Amisiri ali ndi lamulo loyerekezera lakuti kutentha kukakwera ndi madigiri 10, moyo wa kapasita wotere umadulidwa pakati. Ena anapangidwira madigiri 105, ena 85 okha. Tsono kumbukirani mawatsi 129 a kutentha aja. Yowononga magetsi imadziwotcha yokha, ndipo imatero ili ndi makapasita osalimba kutentha. Apa ndi pamene kusawononga magetsi ndi kukhalitsa zimakumanirana.

Chachiwiri ndi zotetezera. Pa bokosi kapena pa tsamba la kampani fufuzani zilembo izi: OVP, OCP, OPP, SCP, OTP. Osachita mantha nazo. Zonse zikunena chinthu chimodzi, kuti pawa sapulayi idzizimitse yokha zinthu zikalakwika: mavolti akakwera mopitirira, maampu kapena katundu akachuluka, mawaya akagundana, kapena ikatentha kwambiri. Yabwino mukaisenzetsa mopitirira imangozima, mumachotsa katundu, n'kuyakanso. Yopanda zotetezera imalimbikira mpaka china chake chiphulike, ndipo pophulikapo ikhoza kutumiza magetsi olakwika ku khadi, ku mazabodi ndi ku hadi disiki imene muli maukwati a anthu asanu amene simunaperekebe. Khadi mukhoza kugula ina. Ukwati sungabwerezedwe.

Chachitatu ndi magetsi olowa. Tonse timadziwa mmene mababu amafookera madzulo aliyense akayatsa zake, kapena mmene jenereta imasinthira mawu wina akayatsa chowotcherera. Yang'anani pamene palembedwa AC INPUT. Ikakhala 100-240V, ndiye kuti magetsi akatsika kufika 190 kapena 180 iyo imapitiriza ngati palibe chachitika. Yolembedwa 200-240V mpata wake ndi wochepa. Ndipo mukaona kaswitchi kofiira kumbuyo kolembedwa 115 ndi 230, dziwani kuti kapangidwe kake ndi kakale. Makompyuta a kaunjika ochokera ku Amereka nthawi zina amabwera kaswitchiko kali pa 115. Mukabaya pa soketi yathu musanakasunthe, mumva kuphulika kamodzi kokha. Koma ngakhale yabwino chotani siletsa mphezi. Mvula ya ziphaliwali ikayamba, zulani pulagi.

*Mungadziwe bwanji kuti yanu ikulephera*

Chizindikiro chodziwika kwambiri ndi ichi: kompyuta ili bwinobwino mukamatayipa kapena kuonera filimu, koma mukangoyamba gemu kapena kutulutsa vidiyo imazima mwadzidzidzi, kapena kuyambiranso yokha popanda uthenga uliwonse. Ambiri amathamangira kukaikanso Windows, kulipira kawiri katatu, vuto osatha. Yambani mwaona kutentha kwa purosesa ndi pulogalamu ngati HWMonitor, chifukwa purosesa yotentha kwambiri nayo imazimitsa kompyuta. Ngati kutentha kuli bwino, wokayikiridwa woyamba ndi pawa sapulayi. Zizindikiro zina ndi kufuna kudina batani kangapo kuti iyake, fungo la pulasitiki yopserera, ndi mpweya wotentha kwambiri wotuluka kumbuyo.

Amene muli ndi matimita mukhoza kuyesa. Pa pulagi yaikulu ya mabowo anayi imene sikugwira ntchito, waya wachikasu ndi wa 12, wakuda ndi wobwerera. Muyezo umati mzere wa 12 ukhale pakati pa 11.4 ndi 12.6. Yesani kompyuta ikungokhala, kenako yesaninso ikugwira ntchito yolemera. Ikatsika pansi pa 11.4, musadikire kuti ife yokha. Koma matimita saona kugwedezeka kwa msangamsanga kwa magetsi, ndiye nambala yabwino si umboni wokwanira. Njira yotsimikiza ndi kubwereka yabwino kwa mnzanu n'kuona ngati vuto latha. Chinthu chimodzi chokha ndikupemphani: musatsegule bokosi lake. Kapasita wamkulu mkatimo amasunga mavolti opitirira 300, ndipo akhoza kukhala nawobe mutazula kale pulagi.

*"Koma yanga yotchipa yatha zaka zitatu"*

Ndikudziwa wina alemba zimenezi mu gulu muno. Sindikutsutsa. Koma funsani kuti ikuyendetsa chiyani. Ngati ndi kompyuta yotayipira, ikudya mwina mawatsi 80, ndiye ngakhale ya 300W yovala jekete ija siikumva kulemera. Bwato lobooka pang'ono limayenda bwinobwino m'mbali mwa gombe. Vuto limadza tsiku limene mwaikamo girafiki khadi n'kulowa pakati pa nyanja.

Wina ati, "Achimwene, ndalama zake zili kuti?" Imeneyo ndi nkhani yoona, zabwinozo ndi zodula ndipo nthawi zambiri mpaka upite ku Lilongwe kapena ku Blantyre. Yankho langa ndi lakuti sinthani dongosolo la kagulidwe. Pawa sapulayi ilowe mu bajeti poyamba, osati pa chenji. Ngati ndalama sizikukwana zonse, tsitsani khadi. Khadi yocheperako mphamvu pa magetsi abwino idzakugwirirani ntchito zaka. Khadi yodula pa magetsi okayikitsa ndi njuga, ndipo chimene mwabetcha ndi mpamba wanu wonse. Kumbukiraninso kuti purosesa ndi khadi zimatha fasho, koma pawa sapulayi yabwino mumasamuka nayo kupita mu kompyuta yotsatira. Opanga odzidalira amapereka waranti ya zaka 5, ena mpaka 10. Mwina kubweza katundu kunja kuchokera kuno n'kovuta, koma nambala ya zakayo imakuuzani mmene mwini wake akuikhulupirira. Yakale yogwiritsidwapo ntchito ndiye muzisamala nayo, chifukwa makapasita okalamba saoneka ndi maso kunja. Ngati mukugula yotero, iyesedwe pamaso panu pa kompyuta yokhala ndi khadi, ikugwira ntchito yolemera kwa theka la ola.

Ndiye tsiku lokagula, musanyamuke musanalembe pa pepala nambala yanu: purosesa, khadi, zina zonse, kuchulukitsa ndi 1.4. Mukafika mu shopu pemphani kuti akutulutsireni m'bokosi. Chulukitsani maampu a +12V ndi 12 pa foni yanu pomwepo. Onani ngati pulagi ya khadi yanu ilipo. Fufuzani dzina lake pa mndandanda wa 80 PLUS. Onani zilembo za zotetezera ndi AC INPUT. Wogulitsa akakana kuti muone sitika, mwapeza kale yankho, tulukani.

Amene mukufuna tiwerengetsere limodzi, lembani mu gulu dzina la purosesa ndi la khadi yanu, mujambulenso sitika ya pambali ija kuti tebulo lizioneka bwino. Ndipo tumizani uthengawu kwa mnzanu amene mukudziwa kuti akusonkhanitsa ndalama za kompyuta, aulandire asanakwere minibasi.